Bambo atisiya, ngongole ya galimoto isanathe: dzina pa bulubuku lisintha bwanji?

"Bambo anga anamwalira mwezi wa Febuluwale, ndipo anasiya Sienta imene anagula ndi ngongole ya kubanki. Ngongoleyo ankadulidwa pamalipiro, ndipo sitetimenti yomaliza ikuonetsa kuti kwatsala K2,400,000. Bulubuku ili kubanki, ife tili ndi pepala lojambulidwa chabe. Asanamwalire anandiuza kangapo kuti galimotoyo idzakhala yanga, koma sanalembe wilu. Tatsala amayi, ine ndi alongo anga awiri, wamng'ono ali fomu 2. Abambo aang'ono akuti ndingopita ku Road Traffic ndi chikalata cha imfa ndikasinthitse dzina. Kodi zingatheke ngongole isanathe? Nanga ngongoleyo ndibweza ndine?" Wowerenga wa ku Chibavi, Mzuzu.

Pepani kwambiri ndi maliro a bambo, achimwene, ndipo mundipepesere kwa amayi ndi alongo anu. Ndikupemphani kuti ulendo wa ku Road Traffic muyambe mwauimika, chifukwa ofesi imeneyo ndi yomalizira, ndipo mukayambira kumeneko mudzabwezedwa mutataya tsiku lonse pamzere. Ofesi yoyamba ndi kubanki, yachiwiri ndi kumene mukapezeko mphamvu yoyendetsera chuma cha masiye, kenako mubwererenso kubanki, ndipo pokhapo ndi pamene dzina lingasinthidwe.

Musanatuluke m'nyumba, tengani pepala lojambulidwa lija mulione bwino. Malamulo athu a pamsewu amasiyanitsa anthu awiri pa galimoto imodzi, ndipo pa bulubuku amalembedwa kuti `Title Holder` ndi `Owner`. Woyambayo ndi amene ali ndi mphamvu yogulitsa galimoto kapena kuipereka kwa wina, pamene wachiwiriyo ndi amene akuigwiritsa ntchito ndi kuisamalira. Mukapeza kuti pamalo oyambawo pali dzina la banki, dziwani kuti ngakhale bambo akanakhala moyo sakanatha kukupatsani galimotoyo popanda chilolezo cha banki, ndiye chikalata cha imfa pachokha sichingachite chimene mwini wakeyo sakanatha kuchita. Mukapeza dzina la bambo pamalo onse awiri, musafulumire kusangalala, chifukwa banki ikhoza kukhala kuti inalembetsa galimotoyo ngati chikole m'kaundula wa katundu wa chikole amene amasungidwa ndi ofesi ya Registrar General, potsatira lamulo la chaka cha 2013. Chikole cholembetsedwa chotero chimatsatira galimoto kulikonse kumene yapita, ngakhale dzina litasintha. Kusunga kwawo bulubuku kukundipatsa chithunzi chakuti galimotoyo ndi chikole ndithu.

Tsopano funso limene ndikufuna mukafunse kubanki musanalipire ngakhale tambala imodzi ndi ili: kodi ngongoleyi inali ndi inshulansi ya moyo wa wokongola? Ngongole zambiri za kubanki, makamaka zodulidwa pamalipiro, zimakhala ndi inshulansi imeneyi, ndipo ndalama yake amaidula tsiku lotenga ngongole kapena amaiphatikiza m'zimene munthu amabweza mwezi ndi mwezi, moti okongola ambiri sadziwa n'komwe kuti anailipira. Ntchito yake ndi kutseka ngongole yotsala wokongola akamwalira. Ngati bambo anali nayo ndipo kampani ya inshulansi yavomera kulipira, K2,400,000 ija idzatsekedwa popanda banja kutulutsa ndalama.

Ndikulimbikira mfundo imeneyi chifukwa ndinaiona m'banja mwathu momwe. Mlamu wanga atamwalira, mkazi wake anakhala miyezi isanu akugulitsa kaunjika kuti azilipira ngongole ya galimoto, poopa kuti alandidwa. Tsiku lina tikusanja mapepala a malemuwo, amene anali m'chikwama chapulasitiki pansi pa matiresi, tinapeza kalata ya mgwirizano wa ngongoleyo, ndipo patsamba lachiwiri, m'munsi mwa chiwongoladzanja, panali mzere wa zilembo zing'onozing'ono wonena za ndalama ya inshulansi ya moyo. Palibe amene anawauzapo mayiwo za mzere umenewo, ngakhale ankapita okha kukalipira mwezi uliwonse. Ngongoleyo inatsekedwa ndithu, koma kuti ndalama za miyezi isanu zija zibwezedwe zinatenga makalata ambiri ndi mtima wautali.

Choncho lembani kalata yodziwitsa banki za imfayo, amayi asayinire, muphatikize chikalata cha imfa chochokera ku NRB ndi chitupa cha unzika cha malemu, ndipo mupange makalata awiri kuti imodzi akudindireni tsiku limene ailandira, muisunge. M'kalatamo pemphani sitetimenti yoonetsa ngongole monga inalili pa tsiku la imfa, pepala la mgwirizano wa ngongole, ndi mafomu ofunsira ndalama ya inshulansi. Chitani zimenezi sabata ino, popeza makampani a inshulansi amaika malire a nthawi yowadziwitsa za imfa. Dziwaninso kuti akhoza kukana, mwachitsanzo ngati malemu anabisa matenda amene anali nawo kale potenga ngongole, kapena ngati anali atapitirira msinkhu umene inshulansiyo imalola, ndipo kawirikawiri salipira ndalama zimene wokongola anali atalephera kale kubweza asanamwalire. Akakana, apempheni akulembereni chifukwa chake. Chinanso n'chakuti malipiro a bambo ataima, kompyuta ya kubanki ikungoona munthu amene wasiya kubweza, ndipo chiwongoladzanja chikuchuluka, choncho kukhala chete ndi kumene kumabweretsa anthu odzalanda galimoto pakhomo.

Pa funso lakuti abweze ndani, ngongoleyo si yanu, pokhapokha ngati munasayinira kuti mudzabweza bambo akadzalephera. Ndi ngongole ya chuma cha malemu, ndipo lamulo limati ngongole zibwezedwe kaye kuchokera m'chumacho, zotsala ndiye zigawidwe.

Apa ndi pamene ndiyenera kunena mawu amene mwina sakukomerani. Zimene bambo anakuuzani pakamwa si wilu, ndipo popanda wilu yolembedwa ndi kusayinidwa pamaso pa mboni, chuma chawo chigawidwa motsatira lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011. Lamuloli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana awo onse, pamodzi ndi ena amene ankadalira malemuwo, ndipo silitengera mwambo wakuti katundu ndi wa akuchimuna kapena wa mwana wamwamuna, ngakhale kuno kumpoto kumene lobola inaperekedwa. Limanenanso kuti kutenga chuma cha masiye popanda chilolezo ndi mlandu. Sienta imeneyo pakadali pano ndi ya chuma cha malemu, ndipo amayi ndi alongo anu ali ndi gawo mmenemo monga inu.

Munthu yekhayo amene angasayinire m'malo mwa bambo ndi amene wapatsidwa makalata oyendetsera chuma cha masiye. Makalatawa amaperekedwa ndi khoti, ndipo mwayi wake khoti lalikulu lili nalo bwalo ku Mzuzu konkuno. Banja ligwirizane amene akapemphe, kawirikawiri amakhala mayi wamasiye, kaya yekha kapena pamodzi ndi mwana wamkulu. Mukhoza kudzera kwa loya, kapena kupempha ofesi ya Administrator General kuti iyendetse chumacho, ndipo a ku ofesi ya DC amatsogolera mabanja ambiri pa nkhani zotere. Mudzafunika chikalata cha imfa, umboni wa ukwati, mayina ndi zaka za ana onse, ndi mndandanda wa katundu yense wa malemu pamodzi ndi ngongole zawo, umene umagwiritsidwanso ntchito poona ngati pali msonkho wa chuma cha masiye. Ngongole ya galimotoyi ilembedwe pamndandandawo, isabisidwe, chifukwa woyendetsa chuma amene wagawa katundu ngongole zisanabwezedwe akhoza kufunsidwa kuti abweze kuchokera m'thumba mwake.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti Sienta yanu ingagulidwe pa K9,000,000 lero, ndipo inshulansi yakana kulipira. Tikachotsa K2,400,000 ya banki, chuma chenicheni chimene chili m'galimotoyo ndi K6,600,000. Lamulo silinena kuti magawo azifanana nthawi zonse, limayang'ana kwambiri amene angavutike, moti mlongo wanu wa fomu 2 akhoza kuyenera gawo lokulirapo, koma tingoyerekeza kuti anthu anayi mwagawana mofanana: aliyense ndi K1,650,000. Kuti galimotoyo ikhale yanu, ndiye kuti mukutenga K4,950,000 ya anzanu atatu. Amayi ndi mlongo wamkuluyo akhoza kukusiyirani magawo awo mwa kufuna kwawo polemba kalata, kapena kulandira katundu wina monga puloti m'malo mwake, koma gawo la mwana wamng'ono silitayidwa ndi siginecha ya munthu wamkulu, liyenera kusungidwa kapena kulipiridwa. Ndipo mukasankha kutseka K2,400,000 ija ndi ndalama zanu, lipirani kudzera kubanki, sungani malisiti, ndipo woyendetsa chuma alembe kuti ndalamayo mwabwereketsa chuma cha malemu. Popanda pepala limenelo, pa tsiku logawa zidzaoneka ngati munangothandiza.

Ngati ndalama yotsekera ngongole palibe, dzina likhoza kusintha ngongole isanathe, koma pokhapokha banki itavomera. Banki sikakamizidwa kusamutsira ngongole ya bambo kwa inu. Idzakuyesani ngati wokongola watsopano, kuona malipiro anu kapena mmene bizinesi yanu ikuyendera, ndipo ikakhutira idzakupatsani ngongole yanuyanu yotsekera yakaleyo. Zikatero, banki ikhalabe `Title Holder`, inu mulembedwa ngati `Owner`, ndipo bulubuku ibwerera m'kabati mwawo mpaka mudzamalize. Zikakanika, ndi bwino woyendetsa chuma agulitse yekha galimotoyo mogwirizana ndi banki kusiyana ndi kudikira kuti ilandidwe, popeza pamalonda okuwa mtengo umatsika, ndipo zolipira olanda ndi ogulitsa zimachotsedwa pa ndalama yomwe ikanatsalira banja.

Ngongole ikatsekedwa mwa njira iliyonse, banki ikupatseni bulubuku yeniyeni, kalata yonena kuti ilibenso gawo pa galimotoyo, ndipo ifafanize chikole chake m'kaundula uja. Ndi mapepala amenewa, makalata a kukhoti, kalata ya woyendetsa chuma yopereka galimotoyo kwa inu, ndi zitupa za unzika, pitani inu ndi woyendetsa chumayo ku Road Traffic. Chiyambire njira yatsopano ya pakompyuta ya MalTIS mu 2015, kusintha umwini kumadalira zidindo za zala, ndipo popeza bambo sangaikenso chala pamakina, woyendetsa chuma ndi amene amaima m'malo mwawo, choncho iye ndi inu mukhale ndi khadi la Road Traffic. Onetsetsani kuti dzina la bambo lalembedwa mofanana pa bulubuku, pa chikalata cha imfa ndi pa makalata a kukhoti, ndiponso kuti nambala ya chesesi ikugwirizana, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimafuna kalata yolumbira kuti chikonzedwe. Madobadoba amene adzakulonjezeni kusintha dzina popanda mapepala a banki ndi a khoti akukugulitsani mlandu wachinyengo.

Pamene zonsezi zikuyenda, dziwitsani kampani imene inapereka inshulansi ya galimotoyo kuti mwini wake anamwalira, ndipo ikulembereni ngati ikuteteza galimotoyo mpaka liti ndiponso woyendetsa wake akhale ndani. Mukaiika pamsewu wa Nkhata Bay kapena wa Ekwendeni kuti izinyamula anthu pofuna kupeza yobwezera ngongole, pamene inshulansi yake ndi ya galimoto ya pakhomo, ngozi ikachitika kampaniyo idzakana kukonza galimotoyo, ndipo banja lidzatsala ndi ngongole yonse pa galimoto yophwanyika. Ndalama iliyonse imene Sienta imeneyo ipange dzina lisanasinthe ndi ya chuma cha malemu, ndipo izilembedwa m'kope limene amayi azisunga.