Wakumanja asapambane chifukwa chongokhala kumanja

"Amayi a m'gulu muno, amuna awiri akundifunsira ndipo mutu waima. Ndikufuna kuyala makhadi 9 a Lenormand aja, atatuatatu. Awiriwa ndiwaike pati, nanga ndiwerenge bwanji kuti ndione woyenera?"

Asisi, musanasakanize n'komwe makhadiwo tengani pepala mulembe kuti mzere wotsika wakumanzere ndi wa uje, wakumanja ndi wa uje, wapakati ndi wanu. Pansi pake mulembenso kuti mizereyi lero sikunena za nthawi. Nonse mukudziwa kuti pa kayalidwe ka masiku onse kumanzere timati ndi zakale, pakati zalero, kumanja zam'tsogolo. Ndiye mukaika amuna awiri m'mizere yomweyo osanena chilichonse, wakumanzere wasanduka kale mbiri yakale asanayankhule n'komwe, wakumanja wasanduka tsogolo lanu. Ine anandipweteka nazo zimenezi, mpaka pano ndikamalemba manja akunjenjemera.

Anandiyalira ndi mayi wina amene tinkaluka naye tsitsi ku Joni, munthu woti tinkadyera mbale imodzi. Mayi wa pa khadi, nambala 29, anamutulutsa dala n'kumuika pakati, monga timachitira, otsala 35 aja n'kusakaniza. Nanenso ankandifunsira amuna awiri. Osandifunsa, anangoti wa matakisi akhala kumanja, mphunzitsi wakumudzi kumanzere. Zinagwa chonchi, chithunzi chake ndikadali nacho:

Galu (18), Mphambano (22), Maluwa (9)
Nangula (35), Mayi (29), Nkhandwe (14)
Phiri (21), Mphete (25), Makoswe (23)

Taonani nokha. Mphunzitsi: Galu, Nangula, Phiri. Munthu wokhulupirika, wokhazikika, koma wochedwa, ndipo pali chotchinga chachikulu. N'zoona, anali kutali, malipiro ake ochepa, akamayankhula za ukwati ankangoti tidikire. Wa matakisi: Maluwa, Nkhandwe, Makoswe. Pamwamba mphatso ndi pakamwa pozuna, pakati kuchenjera, pansi kudyeka kwa zinthu pang'onopang'ono. Ngakhale amene wagula makhadi dzulo angaone.

Koma mayi uja anati chani? Akuti Galu ndi Nangula ndi zakale zimene ndazolowera, Phiri ndiye mapeto ake. Akuti Nkhandwe ndi khadi ya ntchito, ndiye kuti bamboyo ndi wolimbikira. Inde alipo owerenga ambiri amene Nkhandwe amaitenga ngati ntchito yolembedwa, sindikukana, koma ine ndinafunsa za ntchito? Ndinafunsa za mtima wa munthu, ndipo Nkhandweyo inali phewa ndi phewa ndi khadi yanga. Za Makoswe ndiye anandinamiza masana dzuwa likuswa mtengo. Akuti akudya Phiri, mavuto atha. Makoswe amadya chimene agundana nacho, asisi. Pakati pa Phiri ndi Makoswe panali chiyani? Mphete. Ankadya Mphete.

Kenako anabweretsa kadumphidwe ka hatchi ya pa tchesi kaja, masitepe awiri kutsogolo limodzi kumbali. Akuti taona, Maluwa ali pa malo achitatu, akadumpha akutera pa malo achisanu ndi chitatu pamene pali Mphete, ndiye kuti mphatso zakezi zikuthera ku ukwati. Ine m'maso gwa, ndikugwedezera mutu. Chimene sananene n'choti khadi ya pa malo oyamba nayonso ikadumpha imatera pomwepo. Makona onse awiri apamwamba amafika pa khadi yapakati ya mzere wapansi, nthawi zonse, kaya pagwa chani. Ndiye kudumphako sikungakusankhireni mwamuna. Galu wa mphunzitsi nayenso ankafika pa Mphete yomweyo. Ndipo kudumpha kwina kwa Galu kuchokera pa malo oyamba kumatera pa malo achisanu ndi chimodzi, pa Nkhandwe. Galu ndi Nkhandwe, bwenzi lachinyengo. Linali litakhala patsogolo panga likundigwirira makhadi.

Tsiku la chinkhoswe, amayi. Ndalama za holo, za zokongoletsa, za mpunga ndi nkhuku, zonse ndinatumiza kwa wa matakisi uja, amene ndinasankha, chifukwa anatsogola kupita kumudzi, akuti akakonze. Zinali ndalama za chipereganyu changa, ndinaluka mitu mpaka zala kutupa. Amalume anabwera kuchokera ku Ntcheu atavala jekete yobwereka, azakhali atanyamula malichero ndi mithiko yokulungidwa bwinobwino, anzanga atasoketsa yunifolomu ya chitenje chimodzi. Tafika pa holo chitseko chokhoma. Mlonda akuti pano lero palibe chinkhoswe, munthu anangobwera kudzafunsa mtengo basi. Ndikuimba foni, yazimitsidwa. Ndikuimbanso, yazimitsidwa. Ndinakhala pa khonde la holoyo nsapato zili m'manja, zopakapaka zikuyenderera ndi thukuta, mwana wa achemwali akundifunsa kuti anti keke ibwera nthawi yanji. Amalume sanakalipe. Anangovula jekete ija n'kuipinda pamwendo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Madzulo ake ndi pamene tinamva kuti ali ndi mkazi ndi ana ku Mangochi, ndipo mayi wondiyalira makhadi uja ndi msuweni wake. Msuweni! Ankadziwa zonse. Mpaka lero amaika mavesi pa foni m'mawa uliwonse, alibe ndi manyazi omwe. Ngati ali m'gulu muno awerenge, akudzidziwa.

Ndiye inu chitani chonchi. Amene akhale kumanja asankhidwe ndi ndalama yachitsulo, muiponye m'mwamba, chifukwa mtima umakankhira amene ukumufuna mbali imene Mayi wa pa khadi wayang'ana, ndipo pa makhadi ena amayang'ana kumanzere, pa ena kumanja. Mukayala, musathamangire kuwerenga mwamuna mmodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Yambani mwawayang'anitsa awiriawiri mopingasa. Mzere wapamwamba ndi zimene aliyense akuonetsa ndi kunena, kwa ine Galu ndi Maluwa. Wapakati ndi mmene akukhalira nanu panopa, Nangula ndi Nkhandwe, ndipo umenewu ndi wolemera kuposa ina chifukwa makhadi ake akukhudza inuyo. Wapansi ndi zimene zili pansi pa nkhaniyo, zimene simukuziona, Phiri ndi Makoswe. Apa ndi pamene kufananitsa kumaoneka bwino, chifukwa onse awiri anali ndi khadi yoipa pansi. Koma Phiri limachedwetsa, chinthu chili pompo kuseri kwake. Makoswe amachotsa, ukadzabwera upeza palibe.

Mzere wanu wotsika wapakati musaulumphe. Mphambano pamutu panga, Mphete pansi pa mapazi anga: ndinkafuna ukwati kuposa mmene ndinkafunira aliyense wa awiriwo, ndipo wondiyalirayo anagwira pomwepo. Komanso makhadi 9 sakakamizika kukupatsani wopambana. Mizere yonse iwiri ikhoza kuipa, musakoke ena owonjezera mpaka atuluke Mtima kapena Dzuwa.

Kunena zoona, asisi, zisiyeni za makhadizi, tumani amalume anu akafufuze kwawo kwa aliyense, akaone ngati kulibe mkazi, ndipo ndalama ya holo mukalipire nokha mulandire lisiti m'manja. Makhadi sangakuuzeni mudzi wa munthu. Musalolenso munthu wina aliyense kukuwerengerani, ngakhale mnzanu wa pamtima. Koma mukayala jambulani mundiponyere ku inibokosi musanauze wina, ndikuonereni mzere wapansiwo.