Kusandutsa chithunzi cha mndandanda wa katundu wa m'nyumba kukhala tebulo la Excel

"Amayi akubwerera kwathu ku Mulanje atakhala zaka zambiri ku Mufakose mumzinda wa Harare, ndipo alemba katundu wawo yense pamanja m'masamba awiri a kope. Anditumizira chithunzi pa WhatsApp, koma nditakopera mawuwo ndi Google Lens zatuluka zosamveka. Ndichite bwanji kuti ndikhale ndi tebulo loonetsa kuchuluka kwa zinthu ndi magulu ake?"

Achemwali, yambani ndi chithunzicho. WhatsApp imachepetsa zithunzi potumiza, kotero zilembo zing'onozing'ono zimafika zitazimiririka. Pemphani mwana wina wa pakhomopo ajambulenso tsamba lililonse palokha, masana, foni itayang'ana pepala kuchokera pamwamba, ndipo atumize posankha Document.

Ngakhale chithunzi chikhale chabwino motani, musadalire zimene makina awerenga. Google Lens imayesetsa pa zolemba pamanja, koma kope la mayi amene wakhala ku Harare kuno nthawi yaitali limasakaniza Chichewa, Chishona ndi Chingerezi, ndipo makinawo amakonda kusintha mawu osawadziwa kuti afanane ndi a Chingerezi. Amasokonezanso 1 ndi 7, komanso 5 ndi chilembo S. Ngati mizere siipitirira makumi asanu, ine ndimaona kuti kutayipa nokha, chithunzi chili pambali, kumafulumira kusiyana ndi kukonza zolakwa za makina.

Tebulolo likhale ndi makolamu asanu ndi imodzi, ndipo mzere woyamba ukhale wa mitu ya makolamuwo. Mu A muike nambala ya mzere monga uliri pa pepala, mu B mawu a amayi ndendende osasintha kanthu, mu C dzina la chinthu, mu D kuchuluka, mu E muyeso, ndipo mu F gulu. Ambiri amasiya kolamu B poganiza kuti ndi yotayitsa nthawi, koma tsiku limene mchimwene wanu adzafunse chifukwa chake mapoto ali atatu pomwe iye amadziwa anayi, ndi kolamu imeneyo idzakuomboleni.

Lamulo lalikulu ndi lakuti mzere umodzi usenze chinthu chimodzi, ndipo mu D mukhale nambala yokha. Tiyerekeze kuti amayi analemba "mapoto 3 + zivundikiro 2". Imeneyo ndi mizere iwiri, yonse yokhala ndi nambala yofanana mu A. Akalemba "makapu 2 doz", inu ikani 24 mu D ndi mawu akuti chimodzi mu E. Akalemba "shuga 1/2 kg", musatayipe 1/2, chifukwa Excel idzaisandutsa deti, mwina 2 Januwale kapena 1 Febuluwale malinga ndi mmene kompyuta inatcheredwera. Lembani 0.5, ndipo kg ipite mu E. Pamene anangoika timizere tiwiri kutanthauza kuti ndi chimodzimodzi ndi pamwamba, lembani dzina lonse, pakuti mukadzasanja tebulo, chapamwambacho chidzakhala chitasamuka.

Pa maina ndi pamene pali msampha wa kuno kwathu. Pa tsamba loyamba mungapeze "mbale 12", pa lachiwiri "ndiro 6", ndipo makina sangadziwe kuti ndiro ndi mbale yomweyo m'Chishona, monganso mugoti ali mthiko ndi magumbeze ali mabulangete. Mu C sankhani dzina limodzi. Komabe musafulumire kuphatikiza kuti zikhale 18. Aimbireni amayi kaye, chifukwa mwina zisanu ndi imodzizo ndi zadothi za alendo zimene zimakhala m'kabati, mwinanso anaziwerenga kawiri.

Magulu akhale ochepa: Khitchini, Zogonera, Mipando, Zamagetsi, Zovala ndi Zakudya. Musamawatayipe mzere uliwonse, popeza "Khitchini" ndi "Kitchini" zidzawerengedwa ngati magulu awiri. Sankhani kolamu F, pitani pa Data, kenako Data Validation, sankhani List ndi kulemba magulu aja, kuti muzingodina.

Mukamaliza, yesani ntchito yanu ndi mafomula awa m'timabokosi ta pambali:

```
=COUNTA(C2:C80)
=COUNT(D2:D80)
=SUMIFS(D:D,F:F,"Khitchini",E:E,"chimodzi")
```

Yoyamba imawerenga maina, yachiwiri imawerenga nambala zenizeni zokha. Yoyamba ikapereka 47, yachiwiri 45, ndiye kuti pali mizere iwiri yopanda kuchuluka kapena imene nambala yake yalowa ngati mawu. Mudzaizindikira chifukwa nambala yotere imatsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe zinzake zili kumanja, ndipo kawirikawiri mupeza kuti chilembo O chalowa m'malo mwa 0. Fomula yachitatu imaphatikiza ziwiya za kukhitchini zowerengedwa chimodzichimodzi, kuti malita kapena makilogalamu asalowerere pa chiwerengero cha mbale.

Pomaliza yang'anani kolamu A kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati pa pepala pali mizere 43, nambala zonse kuyambira 1 mpaka 43 zioneke, ndipo ikasowa imodzi mubwerere ku chithunzi, makamaka m'munsi mwa tsamba ndi m'mphepete, mmene amayi amakonda kufinyikizamo zimene akumbukira mochedwa.