Chivomerezi chimodzi, koma kugwedezeka kosiyana

"Tithandizeni odziwa. Pa wailesi anati chivomerezi cha ku Karonga cha 2009 chija chinali 6.0. Nyumba ya amalume anga pa Karonga boma inagwa khoma, koma ife ku Mzuzu tinangomva bedi likugwedera basi. Ndiye 6.0 imeneyo inali ya kuti, ya kwawo kapena ya kwathu?"

Achemwali, sinali ya kwawo ndiponso sinali ya kwanu. Inali ya pansi pa nthaka, pamalo pomwe thanthwe linang'ambika. Nambala imeneyo ndi maginichudi, ndipo chivomerezi chilichonse chimakhala ndi imodzi yokha. Zomwe amalume anu anaona ndi zomwe inu munamva zili ndi muyeso wina, intensite, ndipo umenewu mudzi uliwonse umakhala ndi wakewake. Zili ngati moto wa pa maliro usiku: chitsa chikuyakacho ndi chimodzi, koma amene wakhala pafupi akufutsa mpando kuthawa kutentha pomwe wa kumpanda uja akunjenjemera m'chitenje.

Tiyambe ndi chitsacho. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chomwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo nyanja yathu ili m'mng'alu womwewo. Matanthwe a pansi amakokana kwa zaka zambiri, kenako tsiku lina mbali imodzi imatsetsereka mwadzidzidzi. Akatswiri akamati 6.0 amakhala awerengera kukula kwa malo omwe ang'ambika, utali womwe thanthwe latsetsereka, ndi kulimba kwa thanthwelo. Chivomerezi cha 6 chimang'amba mtunda wa makilomita ngati 10, thanthwe n'kusuntha osafika mita imodzi. Cha 8 chimang'amba makilomita opitirira 100, n'kusuntha mamita angapo.

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Timaganiza kuti 6 imangoposa 5 pang'ono, ngati malikisi a kusukulu. Ayi ndithu. Mukakwera nambala imodzi, mphamvu yotuluka imachuluka pafupifupi ka 32. Mukakwera ziwiri, ka 1,000. Ndiye kuti pamafunika zivomerezi za 6 zokwana chikwi kuti zifanane ndi chimodzi cha 8. Pa wailesi amakondabe kunena kuti "pa sikelo ya Richter", koma sikelo yomwe Charles Richter anapanga mu 1935 inali ya zivomerezi za ku California, ndipo pa zikuluzikulu imaperewera. Yomwe imagwira ntchito kwambiri masiku ano inabwera mu 1979. Mukamva bungwe lina likuti 5.9 lina 6.0, si kuti wina akunama. Makina ndi kawerengedwe zimasiyana pang'ono.

Intensite ilibe makina. Imafunsa anthu: munamva chiyani, chinagwa n'chiyani? Sikelo yake ndi ya Mercalli, yomwe inakonzedwanso mu 1931, ndipo imalembedwa m'manambala a Chiroma kuyambira I mpaka XII kuti isasokonezeke ndi inzake ija. Pa IV mbale ndi mawindo zimalira. Pa V ogona ambiri amadzidzimuka, zinthu zosakhazikika zimagwa pa shelefu. Pa VI aliyense wamva, pulasitala akuyoyoka. Pofika VII ndi VIII nyumba zomangidwa mofooka zimang'ambika kwambiri, makoma kugwa. Momwe mwafotokozeramu, inu munali cha pa IV, amalume anu cha pa VII kapena VIII, usiku womwewo wa pa 19 kulowa 20 Disembala.

Chifukwa choyamba cha kusiyanaku n'chodziwikiratu, mtunda. Koma anthu amaiwala kuti mtundawo umawerengedwanso kupita pansi. Zivomerezi za ku Karonga zinayambira pafupi kwambiri ndi pamwamba, makilomita ochepa chabe kunsi kwa midzi, moti mphamvu inafika isanathe. Ku New Zealand anaziona bwino izi. Mu Sepitembala 2010 kunachitika cha 7.1 pa mtunda wa makilomita ngati 40 kuchokera mumzinda wa Christchurch, ndipo palibe nyumba yomwe inagwera munthu n'kumupha. Mu Febuluwale 2011 kunabwera chocheperapo, cha 6.3, koma m'mphepete mwa mzinda momwemo, makilomita 5 okha pansi, masana anthu ali m'maofesi. Anafa anthu 185.

Chomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono ndi nthaka, chifukwa ndi chomwe chimasiyanitsa ngakhale nyumba ziwiri za m'dera limodzi. Ikani patebulo mbale ya phala ndi mbale ya nsima yogona, mugwedeze tebulolo. Nsima ingoyenda ndi mbale yake. Phala liyamba kukhavukira uku ndi uku, ndipo mutasiya kugwedeza lipitirizabe. Mafunde a chivomerezi amathamanga m'thanthwe lolimba, koma akalowa m'dothi lofewa amachepetsa liwiro, ndipo mphamvu yomweyo ikapanikizika mafundewo amakula. Amakodwamonso, kumangobwererabwerera, ndiye kugwedezeka kumatenga nthawi yaitali.

Mzinda wa Mexico unamangidwa pomwe kale panali nyanja ya Texcoco, pa dothi lamatope. Pa 19 Sepitembala 1985 chivomerezi cha 8 chinayambira kugombe la nyanja ya Pacific, makilomita oposa 300 kutali. Pa mtunda wotero mafunde anali atafooka kale, ndipo madera a mzindawo omwe ali pa mapiri sanaonongeke kwenikweni. Koma matope a nyanja yakale ija anawakulitsa kangapo, n'kumayendetsa nthaka uku ndi uku kamodzi pa masekondi awiri alionse. Nyumba iliyonse ili ndi kayendedwe kake ikamagwedezeka, yaifupi mofulumira, yaitali mwapang'onopang'ono. Nyumba zosanjikizana ka 6 mpaka ka 15 kayendedwe kake kanagwirizana ndi ka matopewo, ngati mwana wa pa katungwe yemwe mukumukankha pa nthawi yake yeniyeni. Zimenezo ndizo zinagwa kwambiri, pomwe tinyumba tating'ono toyandikana nazo tambiri tinatsala chiimire. Anthu zikwizikwi anafa.

Karonga boma ili pa chidikha cha m'mbali mwa nyanja, pa mchenga ndi dothi lomwe mitsinje monga North Rukuru yakhala ikutsitsa kuchokera kumapiri, ndipo madzi ali pafupi pansi. Nthaka yotere ili ndi vuto linanso. Mukadzapita kunyanja, imani pa mchenga wonyowa uja mafunde akangobwerera, muzipondaponda mofulumira pamalo amodzi. Muona madzi akutuluka, mchenga ukusanduka phala, mapazi akumira mpaka m'akakolo. Chivomerezi chimachita zomwezo pa dera lonse: mchenga umathinana, madzi amasowa kothawira, nthaka imaleka kunyamula maziko. Mu 2009 m'madera ena a ku Karonga nthaka inang'ambika ndipo mchenga ndi madzi zinatumphuka.

Koma ndisakunamizeni kuti intensite ndi muyeso wa nthaka yokha. Popeza timaiwerenga poona zomwe zagwa, imanenanso za kamangidwe. Khoma la njerwa zootcha zomangira dothi, lopanda lamba wa konkire pamwamba pa mawindo, limagwa pa kugwedezeka komwe nyumba ya simenti yabwino ingangochita ming'alu. Nyumba yamitengo yophoma, yofolera udzu, nthawi zina imangopindika n'kubwerera. N'chifukwa chake oyeza sayang'ana nyumba imodzi, amazungulira mudzi wonse kuona kuti mwa nyumba za mtundu umodzi zagwa zingati. Ndiponso kumbukirani kuti cha 6.0 chija sichinabwere chokha. Kuyambira pa 6 Disembala kunali kutadutsa kale cha 5.8 ndi cha 5.9, kotero makoma ambiri chinawapeza ali ong'aluka kale. Mudzawafunse amalume ngati mng'alu woyamba unaoneka usiku umenewo kapena milungu iwiri m'mbuyo mwake.