Kulembetsa malo ku Kenya ndi ku Ethiopia

"Kodi kulembetsa malo kumachepetsa kusiyana pakati pa alimi olemera ndi osauka?"

Zimatengera dzina lomwe lalembedwa pachikalatapo. Ku Kenya, ndondomeko ya boma la atsamunda ya 1954 yotchedwa Swynnerton inaphatikiza timinda tomwazikana n'kulembetsa munda wonse m'dzina la mwini banja, kawirikawiri bambo. Mayi amene ankaulima tsiku ndi tsiku, ngakhalenso wobwereka malo, sanaoneke papepala. Bambo akagulitsa, iwo analibe podandaulira, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Ku Ethiopia malo ndi aboma, sagulitsidwa. Kuyambira 1998 m'chigawo cha Tigray ankayeza minda ndi chingwe, oyandikana nawo akuchitira umboni, motero wosauka sankalephera kulembetsa chifukwa cha ndalama. M'chigawo cha Amhara anadzalemba mayina a mwamuna ndi mkazi yemwe. Komabe chikalatacho sichikulitsa munda: wa theka la hekitala amatsala ndi theka lomwelo.