Mbuzi zija muzitchule, koma za ngongole ya amayi musalembe

"Ndamaliza digiri ya uphunzitsi ku UNIMA, ndipo kwathu ku Ntcheu ndine woyamba kuponda kuyunivesite. Amayi anagulitsa mbuzi zawo zonse, achimwene anasiyira sukulu Fomu 2 n'kupita ku Joni kuti ine ndipitirize. Ndikufuna kulemba mawu owathokoza oti anthu aone pamodzi ndi chithunzi changa cha gauni, koma ndikalemba akungomveka ngati a wina aliyense. Ndiyambire pati, nanga ndisiye ziti?"

Chemwali, musanalembe mawu alionse, tengani pepala mujambule mizere 8, mzere uliwonse semesita imodzi ya zaka zinayi zija. Pamzere uliwonse lembani amene analipira fizi, amene anapereka ya lendi ndi chakudya, ndi amene anakupatsani yokwerera basi yopita ku Zomba. Mukatero muimbireni amayi mudutsemo limodzi. Mudabwa. Ndalama zambiri zimafika kwa mwana wasukulu kudzera m'manja mwa mayi, ndiye mwana amangodziwa kuti "amayi atumiza", osadziwa kuti theka linachokera kwa azakhali ogulitsa tomato pa Tsangano. Funsaninso za zomwe zinagwa padera, monga ndalama ya mayeso a MSCE, laputopu, ndi miyezi ija munapita kukaphunzitsa mongoyeserera kusekondale. Amene amaiwalika kawirikawiri ndi anthu a pamenepa, ndipo woiwalidwa sadzakuuzani. Mudzangoona moni wazizira pamaliro.

Mawu anu akumveka ngati a aliyense chifukwa mukuyamikira khalidwe m'malo motchula chochitika. "Mayi olimba mtima" alipo m'mudzi uliwonse. Koma mayi amene anatsegula khola m'bandakucha n'kukusa mbuzi kupita nazo kumsika ndi anu okha. Munthu aliyense mumpatse chinthu chimodzi chimene anachita, m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Mwachitsanzo:

"Amayi, anaPhiri, khola lija linali ndi mbuzi, lero muli nkhuku zokha. Simunandiuzepo kuti yomaliza inapita liti, ndinangoona ndabwera kuholide. Achimwene, munandisiyira mpando wanu m'kalasi. Gauni ili tavala tonse."

Pamene ndaika anaPhiri muike mfunda wa amayi anu, poti kwanu ku Ntcheu ulemu umayendera pamenepo. Mndandanda utsate ukulu, osati kukula kwa ndalama: malemu ngati alipo, makolo, amalume ndi azakhali, kenako abale anu. Amalume akapezeka pansi pa mnzanu wa m'kalasi, nkhani yake ifika kumudzi inu musanafike. Ziwerengero za makwacha zisalowemo, chifukwa wopereka K5,000 ayamba kudziyerekeza ndi wopereka K200,000.

Za achimwene anu ndiye zofunika kufatsa nazo. Inu mukuona nsembe, koma iwo mwina amaona bala, ndipo si mwamuna aliyense angakonde kuti anzake a ku Joni awerenge zoti analekezera Fomu 2. Atumizireni chiganizo chawocho payekha, muwafunse ngati chikhale choncho. Akazengereza kuyankha, chotsani za kalasiyo mungoti "munatuluka m'mudzi kuti ine ndikhale pasukulu". Dera limene akukhala ndi ntchito imene akugwira musatchule n'komwe. Ngati mapepala awo okhalira kumeneko sali bwino, kuthokoza kwanu kutha kuwaputira mavuto.

Ngongole nayo isiyeni. Ngati amayi anakongola kubanki m'khonde kapena kwa akatapila ndipo sanamalize kubweza, mawu oti "munakongola chifukwa cha ine" amawavula pagulu, komanso amakumbutsa mwini ndalama kuti mwana uja wamaliza, nthawi yolonjerera yakwana. N'chimodzimodzi ndi lonjezo loti "mavuto atha tsopano" kapena "ndikumangirani ya malata". Digiri si kalata ya ntchito, ndipo ngati munkalandira loni ya boma, nayonso ikukudikirani. Lonjezo lolembedwa pagulu anthu amalisunga, chaka chikatha ayamba kufunsa amayi kuchitsime kuti malata aja ali pati. Aja anakana kukuthandizani musawaponyere mawu okuluwika. Inu mubwerera kutauni, amene atsale nawo mudzi umodzi ndi amayi.

Pachithunzi, satifiketi isaoneke yonse. Muitembenuze kapena muphimbe dzina ndi manambala, chifukwa alipo amene amakopera zoterezi n'kupangira mapepala achinyengo. Muonetsetsenso kuti amayi ali pakati, osati m'mphepete atanyamula zikwama za anthu.

Lembani m'Chichewa, mawu osapitirira 150, oti muwawerenge mokweza osapuma kambiri. Ndipo oyamba kuwamva akhale amayi, kuchokera pakamwa panu, tsiku limodzi anthu ena asanawaone. Pamene angati "iyayi, zimenezo usanene", pafufuteni osafunsa chifukwa.