Kampani yagwa ili ndi nkhongole yanga ya soya: ayambe kulipidwa ndani?

"Ndinagulitsa soya wa K60,000 ku kampani ina kuno ku Chipata, sanandilipire. Tsopano akuti khoti lalamula kuti itsekedwe ndipo katundu agulitsidwa. Malume anga ali ndi masheya momwemo. Adzayamba kulipidwa ndani, ine kapena iwo? Shedi ndi malole zilipo, ndiye ndalama ikwana, si choncho?"

Bambo, pepani ndi zimene zakugwerani. Inu muli patsogolo pa malume anu, koma patsogolo panu palinso anthu ambiri, ndipo shedi imene mukuiona ija mwina ili kale ndi mwini wake.

Nkhani zotere kuno ku Zambia zimayendera lamulo nambala 9 la 2017, lokhudza makampani olephera kubweza nkhongole. Kampani ikayamba kutsekedwa, madailekitala amachoka pampando ndipo katundu yense amakhala m'manja mwa likwideta, munthu woikidwa kuti agulitse zinthu ndi kugawa ndalama. Iye sagawa poona amene wadandaula kwambiri. Pali mzere woikidwa ndi lamulo, ndipo gulu lapambuyo sililandira ngakhale ngwee imodzi gulu lapatsogolo lisanakhute.

Tiyambe ndi shedi ija. Ngati banki inakongoza kampani ndalama ndi kugwira pepala la malowo ngati chikole, ndalama yogulitsa shediyo imapita kubanki, akangochotsa zolipira pogulitsa. Sigwera n'komwe m'mphika umene enanu mukudikira. Chimodzimodzi lole imene inatengedwa pankhongole yomangirira pa loleyo. Apa m'pamene alimi ambiri amadzinamiza: amawerenga malole pageti n'kumati "chuma chilipo", osadziwa kuti wina anachigwira kale papepala. Chikakwana chikole, chotsala chimabwerera m'mphika. Chikaperewera, banki imabwera kudzaima nanu pamzere umodzi kufuna chopereweracho, ndipo gawo lanu limachepa.

Zotsalazo zikagulitsidwa, choyamba kuchotsa ndi ndalama yoyendetsera ntchito yotseka kampani: malipiro a likwideta, maloya, alonda osunga katundu, ogulitsa pa okushoni. Zimapweteka kumva, koma popanda zimenezi palibe angavomere kugwira ntchitoyo. Kenaka antchito. Iwo amatsogozedwa pa malipiro a miyezi yochepa yomaliza, masiku a tchuthi ndi ndalama yowachotsera ntchito, koma zonsezi zili ndi malire, ndipo zopitirira malirewo amazifuna ali pamzere wanu. Pambuyo pa antchito pamabwera misonkho ya ZRA ndi zolipira ku khonsolo. Palinso wokongoza amene chikole chake si chinthu chimodzi chodziwika koma katundu wosinthasintha, monga matumba a m'shedi amene amalowa ndi kutuluka tsiku lililonse. Ameneyu antchito amamupitirira, koma iye amakupitirirani inu.

Tsopano inu. Munapereka soya pongodalira risiti ndi lonjezo, ndiye muli m'gulu la opanda chikole, pamodzi ndi eni malole onyamula katundu, ogulitsa matumba ndi mwini nyumba ya ofesi. M'gulu ili mulibe woyamba. Nkhongole ya chaka chatha ndi ya mwezi watha n'zofanana, ngakhale amene anathamangira kukhoti n'kuwina mlandu koma asanalande katundu amakhala momwemu. Onse amagawana molingana ndi kukula kwa nkhongole ya aliyense.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Banki ikufuna K2,400,000 ndipo shedi yagulidwa K2,000,000. Banki yatenga yonseyo, yatsala ikufunabe K400,000. Malole, sikelo, soya wotsala ndi nkhongole zimene likwideta watolera kwa ena zabweretsa K1,500,000. Pamenepo chotsani K250,000 ya ntchito yotseka kampani, K300,000 ya antchito, K350,000 ya misonkho ndi K200,000 ya wokongoza wa katundu wa m'shedi uja. Yatsala K400,000. Alimi ndi ena opanda chikole onse pamodzi akufuna K1,600,000, kuphatikiza K400,000 ya banki ija, zakwana K2,000,000. Ndiye kuti pa kwacha iliyonse aliyense alandira 20 ngwee. Pa K60,000 yanu mutenga K12,000. Katundu wagulitsidwa wa K3,500,000, koma wofika pagulu lanu ndi K400,000 yokha.

Onani mmene pepala limodzi lingasinthire zinthu. Chikole chimene kampani yapereka chimayenera kulembetsedwa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, ndipo cha malo chimalembetsedwanso ku ofesi ya mapepala a malo. Ngati wokongoza wa K200,000 uja sanalembetse chake, likwideta akhoza kuchikana, iye n'kutsikira m'gulu lanu. Mphika ukhala K600,000, ofuna akhala K2,200,000, ndiye pafupifupi 27 ngwee pa kwacha, inu mutenga K16,000 ndi kakuti. Ndiye pamsonkhano wa okongoza, kutanthauza nonse amene mukufuna ndalama ku kampaniyo, funso lofunika si loti "mutilipira liti", koma loti "zikole zonsezi zinalembetsedwa, ndipo zinalembetsedwa liti?" Chikole chimene chinaperekedwa kampani ili kale pafupi kugwa, kapena ndalama imene dailekitala analipira mlamu wake mwamsangamsanga ena onse akudikira, likwideta angathe kuzitsutsa kuti zibwerere m'mphika. Ngati mukudziwa zotere, muuzeni polemba kalata.

Malume anu ali kumapeto kwenikweni. Eni masheya salandira kanthu mpaka wokongoza aliyense atalipidwa kwacha pa kwacha, ndipo m'chitsanzo chathu sapeza chilichonse. Pamene zinthu zinkayenda bwino phindu linali lawo, ndiye walira mvula walira matope. Ndalama ikatsala, amene ali ndi masheya olembedwa kuti ngotsogozedwa amayamba kubwezeredwa, otsalawo n'kugawana molingana ndi kuchuluka kwa masheya. Koma awuzeni aonetsetse chinthu chimodzi: kodi masheya awo anawalipira onse? Ngati anatenga a K50,000 n'kupereka K30,000 yokha, likwideta adzawalembera kalata yofuna K20,000 yotsalayo. Ngati analipira onse, nyumba yawo ndi ng'ombe zawo palibe angazikhudze, pokhapokha ngati anasaina kubanki kuti kampani ikalephera adzabweza okha. Ndipo ngati anakongozako kampani ndalama padera, ndalama imeneyo ndi nkhongole, ayenera kuilembetsa monga mmene muchitire inu.

Kulembetsako n'kumene kumagwetsa ambiri. Dzina lanu kukhala m'buku la kampani sikokwanira. Likwideta amalengeza m'nyuzipepala ndi m'Gazeti ya boma tsiku lomaliza loperekera umboni wa nkhongole, ndipo akagawa inu musanapereke, sabwerera kukalanda kwa amene alandira kale. Pezani dzina lake kumaofesi a kampani kapena ku PACRA, pemphani fomu ya umboni wa nkhongole, ndipo muphatikizepo matikiti a pasikelo, mapepala osonyeza kuti katundu analandiridwa, mtengo wa pa kilo umene munagwirizana, ndi mauthenga a pafoni amene ankakulonjezani malipiro. Perekani makope, enieniwo musunge, ndipo akusainireni kuti alandira. Ngati kampani inakukongozani mbewu kapena feteleza, nenani: ya K10,000 imachotsedwa pa K60,000 yanu, n'kulembetsa K50,000, zimene zili bwino kuposa kubweza K10,000 yonse inu n'kulandira 20 ngwee pa kwacha.

Za kupita usiku ndi ngolo kukatenga matumba "anu" m'shedi, musayese. Soya munagulitsa, ndi wa kampani tsopano, ndipo kumutenga ndi mlandu. Zimasiyana kokha ngati munangomusungitsa, kapena ngati mgwirizano wanu unalemba kuti soya akhalabe wanu mpaka atakulipirani, ndipo matumbawo akuzindikirika kuti ndi anu. Zikakhala choncho tengani pepalalo mupite nalo kwa likwideta okushoni isanachitike.