Kalata ya agogo ya ku Joni, chithunzi chosawerengeka

"Abale, malume anga ku Thekerani anditumizira chithunzi cha kalata imene agogo analemba ali ku Joni kalekale. Ndikungoona timizere tabuluu, mawu osawerengeka. Ndiwalembere bwanji mwachidule kuti ajambulenso koma asakhumudwe? Ndi munthu wosachedwa kupsa mtima."

Achemwali, chonde chonde musalembe kuti "sichikuoneka, jambulaninso." Mawu amenewo ndi amene amapha nkhani. Kwa malume chikuoneka. Kalatayo ili m'manja mwawo, aiwerenga kambirimbiri, ena mwa mawuwo akuwadziwa pamtima, ndiye akayang'ana pa foni maso awo amangomaliza okha zimene kamera yalephera. Mukati sichikuoneka, iwo amva kuti mukuwanena kuti sadziwa foni. Adzajambulanso pamalo pomwepo, nthawi yomweyo, mmene anagwirira poyamba, chithunzi chibwera chimodzimodzi. Kachitatu muziona timizere tiwiri tabuluu ta WhatsApp, yankho osabwera.

Musanalembe chilichonse, tsegulani chithunzicho muchikulitse ndi zala ziwiri, muone chavuta n'chiyani, chifukwa uthenga wanu uyenera kukonza vuto lenilenilo. Ngati zilembo zikuoneka ziwiriziwiri ngati zakokedwa, ndiye kuti anajambula m'nyumba mopanda kuwala ndipo dzanja linagwedezeka. Mumdima kamera imachedwa kutseka, ndiye ngakhale kupuma kokha kumasokoneza. Ngati mphasa kapena tebulo la kumbuyo likuoneka bwino koma pepala lili mbuu, anayandikiza foni kwambiri ndipo kamera inagwira za kumbuyozo. Ngati pakati pali chigamba choyera chonyezimira, ndi fulashi kapena tochi. Koma ngati patali zilembo zikuoneka bwinobwino, mukakulitsa n'kusanduka timabokosi, malume alibe mlandu. WhatsApp imachepetsa chithunzi chilichonse chotumizidwa mwachizolowezi, ndipo chimene chinali mamegabaiti awiri kapena atatu chimafika chitaphwa kwambiri. Pa nkhope ya munthu simungadziwe. Pa kalata ya inki yofwifwa, ndi pamene 1 ndi 7 zimafanana.

Nthawi zambiri mavutowa amabwera awiri pamodzi, mdima ndi kuchepetsedwa. Ndiye uthenga ukhale ngati uwu, mungosintha mawu kuti amveke anu:

"Malume, mwaswera bwanji. Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata ya agogo, ndasangalala kuona dzanja lawo. Dzina lawo pansi ndaliwerenga, koma foni yangayi ikukanika mizere ya pakati. Mawa m'mawa mukapeza mpata, mwana aiyale pakhonde pamthunzi, aijambule theka la kumtunda palokha, theka la kumunsi palokha, kuseri kwake ndi envelopu. Asayatse fulashi. Mayunitsi a bandulo nditumiza kwa mwanayo."

Taonani zimene zili mmenemo. Mwayamba ndi kuthokoza, ndipo mwatchula chinthu chimodzi chimene mwawerenga, kuti adziwe kuti ntchito yawo sinapite pachabe. Vuto mwaliika pa foni yanu, osati pa dzanja lawo. Mwati "mwana aiyale", chifukwa tonse tikudziwa kuti amene anajambula poyamba si malume, ndi mdzukulu wa ku sekondale amene anaitanidwa akuthamangira ku mpira. Ndipo mwatchula nthawi. Mukangoti "mukapeza mpata" osatchula m'mawa, mpatawo upezeka usiku atatha kudya nsima, pa kuwala kwa kababu ka sola, ndipo tabwerera pomwe paja.

Tsono zambiri za kajambulidwe musazilembe kwa malume. Pemphani nambala ya mwanayo mumuuze yekha. Ayambe wapukuta galasi la kamera ndi nsonga ya chitenje chouma. Foni za kumudzi zimagwiridwa ndi manja a mafuta ophikira, a thukuta, a mapeyala, ndipo galasi lakuda limachititsa chithunzi chonse kuoneka ngati chajambulidwa mu chiperoni. Kalata aiyale pa tebulo kapena pa thabwa losalala, pansi pake aike nsalu ya mtundu umodzi wakuda, osati chitenje cha maluwa chifukwa kamera imathamangira maluwawo. Chinsalu chakudacho chili ndi ntchito inanso. Makalata ambiri a nthawi imeneyo ndi a pepala lopyapyala labuluu lija lopinda lokha kukhala envelopu, ndipo inki ya kuseri imaonekera kutsogolo. Pansi pakakhala pakuda, zolemba za kuserizo zimazimirira, za kutsogolo n'kuoneka zokha. Mukaika pa choyera, mbali ziwirizi zimasakanikirana.

Pakhonde pamthunzi, osati padzuwa. Dzuwa lowomba mwachindunji limayeretsa pepala mpaka inki yofwifwa kusowa, komanso mthunzi wa foni umagwera pa mawu. Tsiku la mitambo, ngati mvula sikuwaza, ndiye labwino kuposa onse, ndipo ku Thekerani masiku otere sasowa. Foni ikhale pamwamba molunjika, yogona mofanana ndi pepala, osati chopendekera, apo ayi mizere ya kumtunda idzachepa ndi kuzimirira. Kutalika kwake ngati chikhatho chotambasula chimodzi ndi theka, masentimita 25 kapena 30. Agunde pa sikirini ndi chala pamene pali mawu, adikire kamera ikhazikike, zigongono atatsamira pa tebulo, ndiye ajambule. Asakulitse ndi zala pojambula. Akafuna mawu akuluakulu, ndi chifukwa chake tikuti theka ndi theka, ndipo mizere iwiri ya pakati ilowe m'zithunzi zonse ziwiri kuti mudzadziwe polumikizira. Ngati kalatayo ndi ya pensulo, asamale kwambiri, pensulo imanyezimira. Azungulire mpaka apeze mbali imene sikuwala.

Potumiza asadutse pa Gallery. Agunde kachizindikiro ka waya wopanira mapepala, asankhe Document, afufuze chithunzicho, atumize choncho. Chimafika chonse mmene chinajambulidwira. Akalephera kupeza, atumize mwachizolowezi koma agunde HD pamwamba asanatumize, ndi bwinoko ngakhale sizifika pa Document. Zithunzi zinayi kapena zisanu zitha kudya mamegabaiti 15, si zambiri, koma kwa munthu amene bandulo yake ndi ya tsiku limodzi ndi zambiri, ndipo netiweki ya m'zigwa za kumeneko imafuna munthu akwere kaye kumtunda. Mumuuze asatseke foni mpaka kagudumu kathe kuzungulira.

Koma chimene chimawawa kwenikweni pa nkhani ngati izi si chithunzi choipa ayi. Ndi zimene zimachitikira kalata yeniyeniyo mukangoti "jambulaninso bwino." Pepala lakhala lopindidwa zaka makumi asanu kapena kuposa, m'sutikesi, m'Baibulo, m'nyumba ya chinyontho cha kwathu kuno. M'mapindo lafewa ngati tsamba la fodya. Mwana uja akuona kuti silikugona bwino, akulikoka uku ndi uku kuti liwongoke, phwee, lang'ambika pa pindo lenileni, pamene pali mzere umene mumaufuna. Achita mantha, atenga selotepi, amata kutsogolo pamwamba pa mawu. Selotepi imanyezimira pa kamera lero lomwe, pakapita zaka imasanduka yachikasu, ulimbo wake umalowa m'pepala, ndipo mukati muimatule imanyamuka ndi inki. Wina wanzeru za yekha amati tiisite ndi nsimbi ya makala. Wina amanyowetsa chala ndi malovu kuti atsegule, pamene inki yakale ya peni yothira ija ikangokhudzana ndi madzi imayenderera. Oipitsitsa ndi aja amathamangira nayo ku tauni kukaimata m'pulasitiki ya moto ngati satifiketi, n'kubwera akunyadira kuti aiteteza. Zimenezo sizibwereranso. Ndipo anthu amenewa sadzakuuzani, mudzangoona chithunzi chadulidwa mbali ina, mukafunsa, ayi inali choncho kale. Bodza! Amandinyansa kwambiri ndi aja oti kalata ya makolo awo amaigwira ngati pepala lokulungira mandasi, koma foni yawo ili ndi chikuto, galasi loteteza, zonse.

Ndiye kwa mwanayo onjezani mawu awa momveka: asakoke, asamate, asasite, manja akhale ouma. Aitsegule pang'onopang'ono, aisiye payokha kanthawi, m'makona aike zinthu zoyera ndi zouma zolemerako pang'ono, ngati masupuni. Ngati yang'ambika kale, angoyandikiza zidutswazo n'kujambula zili choncho. Pindo likakana kugona, aisiye, ajambule mbali iliyonse ya pindolo payokha.

Envelopu ndi kuseri musaiwale, anthu ambiri amangojambula tsamba loyamba. Chidindo cha positi ndi chimene chimakuuzani chaka ndi malo ngati agogo sanalembe deti. Keyala ikalembedwa Cholo kapena Mlanje, ndi kalembedwe kakale ka Thyolo ndi Mulanje. Ikatha ndi Nyasaland, mwina ndi ya chisanafike chaka cha 1964, ngakhale akuluakulu ena anapitiriza kulemba choncho mwachizolowezi. Ndalama zikalembedwa ngati £2-10-0, amenewo ndi mapaundi awiri ndi masheleni khumi, kwacha inabwera mu 1971. Ndipo musadabwe mukapeza "cabwino" kapena "cifukwa" popanda h, si chithunzi chadya chilembo, ndi mmene ankalembera. Ena ankasakaniza ndi Chilomwe ndi mawu a ku migodi, ndiye pali mawu amene ngakhale chithunzi chiwale bwanji simudzawamva popanda malume omwewo.

Kunena zoona, ngati malume anuwo ndi aukali monga mwanenera, uthenga wolemba usakhale woyamba. Aimbireni, mufunse za kumunda, za nthochi, za amene akudwala, kenako muwapemphe akuwerengereni kalatayo mokweza inu mukulemba. Akuluakulu amakonda zimenezo kuposa kutumidwa, ndipo akatha kuwerenga adzanena okha kuti mwana ajambulenso. Mayunitsi aja tumizani kwa mwana, osati kwa iwo, angaone ngati mukuwagula. Komanso ngati m'kalatamo muli za munda kapena malire, musaitumize m'gulu la banja musanamve maganizo awo, iwo ndi mwini mbumba. Ndipo ngati pa chithunzi choyambacho mukuona kale mapindo oboola kapena m'mphepete modyedwa ndi chiswe, iwalani zonse ndanenazi, musatume mwana aliyense. Dikirani mpaka mudzapite nokha, mutanyamula shuga ndi sopo, mukaijambule ndi manja anu malume ali pomwepo.